Ndalama zikabwerera kwa wogula, banki yalakwa pati?

Nyengo ya soya ndi mtedza ikafika, mavenda ambiri amene chaka chonse amagulitsa katundu wawo pa kashi amayamba kuperekera mbewu ku makampani akuluakulu a ku Kanengo ndi ku Blantyre. Makampaniwa salipira m'manja. Amapempha nambala ya akaunti, n'kulonjeza kuti ndalama zilowa pakutha pa sabata. Apa m'pamene ena amadziwira mochedwa kuti akaunti imene anatsekula zaka zitatu zapitazo, n'kuiwala kabuku kake m'sutukesi, singathenso kulandira ndalama. Kampani imati yalipira, banki imati palibe chalowa, ndipo onse awiri amakhala akunena zoona. Ndalamazo zinapitadi, zinakagogoda pa akaunti, zinakanidwa, ndipo zili pa ulendo wobwerera kumene zinachokera.

Mkwiyo wonse umagwera banki. Komatu banki ikabweza ndalama zimene sikutsimikiza mwini wake, imakhala yachita bwino. Pamene mabanki akulakwa ndi pena: amabweza mwakachetechete, osamuuza munthu amene akudikira ndalamazo, ndipo masiku amene amatayika chifukwa cha chete ameneyu ndi amene amadya phindu la wamalonda wamng'ono.

Chitsanzo ichi chingathandize. Manambala ake ndi ongoyerekeza, si mitengo ya sabata ino. Mayi wina wogula mbewu pa Kamwendo ku Mchinji wasonkhanitsa matumba 200 a soya a makilogalamu 50, kutanthauza makilogalamu 10,000. Wagula pa K1,000 pa kilogalamu, ndiye kuti walowetsa K10,000,000. Mwa ndalama zimenezi, K2,000,000 wabwereka ku banki m'khonde pa chiwongola dzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, chomwe ndi K400,000. Matumba, onyamula ndi lole yopita ku Lilongwe zadya K700,000. Kampani yagula pa K1,150 pa kilogalamu, choncho ikuyenera kumulipira K11,500,000. Akachotsa zonse, phindu lake ndi K400,000, bola abweze ngongole ija mwezi usanathe. Pamene amatula katunduyo n'kuti ngongoleyo ili ndi masabata awiri kale.

Katundu watulidwa Lolemba. Kampaniyo imalipira ogulitsa onse pamodzi Lachisanu lililonse, ndipo Lachisanu masana wa za chuma watumizadi malipirowo. Banki ya kampani yachotsa ndalama mu akaunti ya kampaniyo n'kuzitumiza ku banki ya mayiyu. Ndalama zochoka banki ina kupita ku banki ina siziyenda zokha. Zimadutsa pa makina a pakati. Kuno kwathu malipiro ambiri a makampani amadutsa pa MITASS, njira imene imayendetsedwa ndi Reserve Bank of Malawi, pomwe ndalama zambiri zotumizidwa pa foni zimadutsa pa National Switch. Njira ya malipiro a makampani imatsata masiku ogwira ntchito, choncho zimene zatumizidwa Lachisanu mochedwa zikhoza kuonedwa Lolemba.

Lolemba limenelo kompyuta ya banki yolandira yayesa kuika K11,500,000 mu akaunti ya mayiyu, koma akauntiyo yakana. Ndalama zotere sizisowa. Banki imaziika kaye mu akaunti yake yosungiramo ndalama zimene sizinapeze mwini, wogwira ntchito amaona chifukwa chake, kenako amazibweza ku banki yotumiza ndi mawu achidule onena chifukwacho. Pofika Lachitatu ndalama zili mu akaunti ya kampani. Mbali ya mabanki yatha m'masiku atatu ogwira ntchito.

Mayi uja sakudziwa chilichonse mwa izi. Ali pa Kamwendo akudikira meseji ya banki, ndipo mesejiyo singabwere, chifukwa nambala ya foni imene banki ili nayo ndi ya simu imene inatayika kalekale. Lachitatu aimbira kampani. Amutumizira chithunzi cha umboni wa malipiro chokhala ndi dzina lake, ndalama zake ndi tsiku lake, mtima n'kukhala pansi. Wa za chuma wa kampani aona Lachinayi kuti pali ndalama zabwerera, koma ali ndi ogulitsa ambirimbiri, ndipo lamulo la kampani yake likuti ndalama zikabwerera, wogulitsa abweretse kalata ya banki yotsimikiza akaunti asanalipidwenso. Lachisanu ladutsa. Lolemba lotsatira mayiyu akwera minibasi kupita ku Boma, ndipo pa kauntala m'pamene akumva koyamba kuti akaunti yake inagona. Aidzutsa, atenga kalata, aitumiza. Kampani ilipiranso Lachisanu, ndalama zilowa Lolemba. Kuchokera tsiku lotula katundu papita masabata atatu athunthu.

Ngongole ya banki m'khonde yalowa mwezi wachiwiri, ndipo K400,000 ina ya chiwongola dzanja yameza phindu lonse. Palinso china chimene sichilembedwa m'buku. M'masabata amene mpamba unali m'malere, mtengo wa soya kumudzi ukhoza kukhala utachoka pa K1,000 kufika pa K1,100, monga zimachitikira mbewu zikayamba kuchepa. K10,000,000 imene inagula matumba 200 tsopano igula pafupifupi matumba 182. Palibe wamubera, koma ulendo wonse wagwira ntchito yaulere.

M'masabata atatu amenewa, mabanki anatenga masiku atatu okha. Masiku ena onse anatha chifukwa munthu woyenera kudziwa sanauzidwe.

Kodi akaunti imagona bwanji? Banki iliyonse ili ndi nthawi imene inaika, kawirikawiri kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, yoti mwini akaunti akakhala osasungamo kapena kutapamo ndalama, akauntiyo imaikidwa m'gulu la zogona. Nthawi yeniyeniyo imasiyana pakati pa banki ndi banki komanso pakati pa mitundu ya akaunti, ndipo imakhala m'mapepala amene munthu amasaina potsekula, aja ambiri sawerenga. Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi, kapena kachiwongola dzanja kamene imaikamo, siziwerengedwa ngati kugwiritsa ntchito akaunti. Sitetimenti ikhoza kuonetsa mizere mwezi uliwonse, koma ngati palibe chimene mwini wake anachita, kwa banki akauntiyo ili duu.

Wogula mbewu ndiye amagwa m'mbuna imeneyi mosavuta. Akaunti yake imagwira ntchito kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, kenako mpamba umapita ku feteleza, ku kaunjika kapena ku Airtel Money ndi Mpamba, komwe geni ya tsiku ndi tsiku imayendera. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi ndi miyezi 7. Nyengo ya mbewu ikamabweranso, akaunti ikhoza kukhala itagona kale.

Mabanki ali ndi chifukwa chomveka chogonekera akaunti. Akaunti imene mwini wake sakuiyang'ana ndi imene mbava zimaikonda, kuphatikizapo za m'kati mwa banki momwemo, chifukwa ndalama zikhoza kutuluka kapena kudutsiramo kwa miyezi popanda wodandaula. Malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo, monga Financial Crimes Act ya 2017, amafunanso kuti banki izimudziwa kasitomala wake ndi gwero la ndalama zake. Akaunti imene yakhala chete chaka chonse n'kulandira K11,500,000 tsiku limodzi iyenera kudzutsa mafunso, ndipo palibe wanzeru amene angatsutse zimenezo.

Koma kufunsa mafunso si kubweza ndalama. Mabanki ena amalola ndalama kulowa mu akaunti yogona n'kuletsa kutapa kokha mpaka mwini wake ataonekera ndi chiphaso. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kubweza, ndipo ikanayenera kukhala ya mabanki onse pamene dzina ndi nambala zikugwirizana. Banki sitaya kanthu, chifukwa ndalama sizingatuluke isanakhutire. Wogula amakhala wamaliza mbali yake. Wogulitsa amangoyenda ulendo umodzi wa ku banki ndipo tsiku lomwelo kapena mawa lake ali ndi mpamba wake. Mayi wa pa Kamwendo akanalandira ndalama zake ngongole isanalowe mwezi wachiwiri.

Akaunti yotsekedwa ndi nkhani ina, ndipo apa banki ilibe pothawira koma kubweza. Yogona imadzuka, yotsekedwa nthawi zambiri sidzuka, munthu amatsekula yatsopano ndi nambala yatsopano. Ambiri sakumbuka kuti anatseka akaunti chifukwa sanaitsekedi okha. Anasiyamo K3,000, ndalama zodulidwa mwezi ndi mwezi zinaidya mpaka kutha, ndipo patapita nthawi banki inaitseka. Amene akaunti yake sinafike potsekedwa adziwenso kuti ngati munatsala ngongole ya zodulidwazi, banki imayamba yatenga zake pa ndalama zoyamba kulowa.

Nkhani ya dzina ndi imene imakwiyitsa anthu kwambiri, chifukwa akaunti ili moyo, nambala ndi yolondola, koma ndalama zabwerera. Zimachitika m'njira zodziwika. Wamalonda amalemba pa invoisi dzina la shopu yake, lija lili pa chikwangwani, pomwe akaunti ili m'dzina lake lobadwa nalo. Mayi anatsekula akaunti ali mtsikana ndi dzina la bambo ake, koma kampani inamulemba ndi dzina la amuna ake. Wina chiphaso chake cha unzika chili ndi Chirwa pomwe pa fomu analemba Chilwa. Wina wapereka akaunti ya mlamu wake koma dzina lake.

Mabanki sachita mofanana pa zimenezi. Kusiyana kwa chilembo chimodzi nthawi zambiri kumadutsa, koma dzina la bizinesi pa akaunti ya munthu, makamaka ndalama zikakhala zambiri, limaimitsidwa. Ndipo wamalonda ayenera kuthokoza kuti limaimitsidwa. Njira zina zotumizira ndalama zimayang'ana nambala yokha. Wa za chuma akasokoneza manambala awiri, nambala yolakwikayo n'kupezeka kuti ndi akaunti yeniyeni ya munthu wina ku Karonga, ndalama zimalowa bwinobwino. Kuzibweza kumafuna makalata pakati pa mabanki awiri, kawirikawiri ndi chilolezo cha wolandirayo, ndipo ngati watapa kale, nkhani imathera ku polisi kapena ku khoti. Ndalama zobwerera zimachedwetsa munthu masabata. Ndalama zolowa kwa mlendo zikhoza kumuchedwetsa miyezi, mwinanso osazionanso. Amene amatukwana banki chifukwa chofananiza maina sanaonepo tsoka linalo.

Mankhwala a vuto la dzina ndi osavuta ngakhale amafuna kuyenda. Dzina limene kampani ilembe likhale lomwe lili pa sitetimenti ya banki, chilembo ndi chilembo. Amene akufuna kulipidwa m'dzina la shopu alembetse bizinesiyo ku boma, atenge nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, ndipo atsekule akaunti m'dzina limenelo. Amene sanakonzeke kutero alembe invoisi m'dzina lake lenileni, dzina la shopu likhale pa chikwangwani basi.

Kubwereka akaunti ya m'bale ndi njira yachidule imene ambiri amathamangirako ndalama zikabwerera, ndipo si yabwino. Kampani yosamala imakana, chifukwa munthu woimba foni kuti "musalipirenso ku akaunti ija, lipirani ku iyi" amafanana ndendende ndi mbava zimene zimabera makampani posintha maakaunti a ogulitsa. Ndiye pempho lotero limangowonjezera masiku. Ngakhale kampani itavomera, kwa banki ndalama zili mu akaunti ya mlamu ndi za mlamuyo. Ngati ali ndi ngongole ku banki imeneyo, banki ikhoza kudulapo. Ngati wamwalira mwadzidzidzi, ndalama za soya zalowa m'chuma cha masiye.

Nanga wamalonda angadziwe bwanji msanga kuti ndalama zake zakanidwa? Choyamba n'kuleka kukhulupirira chithunzi cha umboni wa malipiro. Pepala limenelo limangonena kuti ndalama zatuluka kwa wotumiza. Silinena kuti zafika. Ndiponso ndi pepala limene akamberembere amapanga pa foni mosavuta, choncho wogulitsa amene amatulutsa katundu chifukwa cha chithunzi akusewera ndi moto. Umboni weniweni ndi ndalama zoonekera mu akaunti ya wolandira. Ngati padutsa masiku awiri ogwira ntchito chitumizireni ndipo palibe chalowa, kudikira kwina n'kutaya nthawi.

Pa kauntala, funso lakuti "kodi ndalama zanga zalowa?" limayankhidwa ndi mawu amodzi, ndipo munthu amabwerera osadziwa kanthu. Funso lothandiza ndi lakuti akauntiyo ili bwanji: ikugwira ntchito, inagona, inatsekedwa, kapena pali chiletso chifukwa zikalata zake sizinakonzedwenso? Kenako apereke nambala ya malipiro imene ili pa umboni uja, tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi dzina la banki yotumiza, n'kupempha kuti aone ngati ndalama zotero zinafika n'kubwezedwa. Wa pa kauntala amaona za mu akaunti zokha. Amene amaona zokanidwa ndi a ku ofesi ya m'kati, choncho ndi bwino kupempha kuti afunsidwe iwowo. Ndalama zikapezeka zisanabwezedwe, nthawi zina banki imatha kuziika mu akaunti vuto likangokonzedwa, ndipo masabata awiri apulumuka.

Ngati zabwerera kale, amene ali ndi mphamvu yofufuza ndi wotumiza, chifukwa iye ndiye kasitomala wa banki imene inayambitsa malipirowo. Iye afunse banki yake chifukwa chimene chalembedwa. Pa kompyuta pamaoneka mawu ngati Account dormant, Account closed kapena Name mismatch, ndipo mawu amenewa ndi amene amanena chochita. Oyambawo amafuna kuti mwini akaunti apite yekha ku nthambi ya banki ndi chiphaso cha unzika, alembe fomu yodzutsira akaunti, akonze nambala ya foni ndi malo okhala, ndipo kawirikawiri asungemo kandalama pang'ono. Achiwiriwo amafuna akaunti yatsopano. Achitatuwo sakhudza akaunti n'komwe. Chofunika kukonza ndi dzina limene lili m'mabuku a kampani. Kutumizanso ndalama chifukwa chisanadziwike n'kuzituma ulendo wachiwiri wopita n'kubwerera, ndipo ndalama zotumizira sizibwezedwa.

Amene amalandira ndalama za katundu kuchokera kunja, monga kwa abale a ku Joni kapena ogula a ku Britain, kudzera m'mabanki, amalumwa kwambiri. Ndalama zimenezo zimadutsa m'mabanki ena apakati, ndipo iliyonse ikhoza kudulapo popita ndi pobwerera. Ngati zinasinthidwa kuchoka ku mtundu wina wa ndalama, zimasinthidwanso pobwerera pa mtengo wa tsiku limenelo. Wotumiza amalandira zoperewera, ndipo mkangano wa amene alipire kusiyanako umagwera anthu awiri amene onse sanadyepo kanthu. Vuto likakhala la dzina, wotumiza akhoza kupempha banki yake kuti itumize uthenga wokonza dzinalo ndalama zisanabwezedwe, koma zimenezi zimatheka pokhapokha wina wadziwa msanga.

Apa m'pamene mabanki ayenera kufunsidwa mafunso. Banki imene imatha kutumiza meseji yotsatsa ngongole ikhozanso kutumiza meseji yakuti akaunti igona mwezi wamawa, ndi ina yakuti ndalama zakuti zafika koma zakanidwa pa chifukwa chakuti. Mabanki angayankhe kuti amatumiza, koma makasitomala amasintha manambala osanena. Zimenezo n'zoona, ndipo mbali imeneyo ya mlandu ndi ya wamalonda. Komabe nambala yakale si chifukwa chokwanira chosiyira wotumiza mumdima, pakuti iye banki yake imamudziwa bwino, ndipo akanauzidwa tsiku lomwelo ndi chifukwa chomveka, akanaimbira wogulitsa wake. Makampani nawo sali oyera. Kusiya wogulitsa wamng'ono kudikira Lachisanu lina pa ndalama zimene zabwerera kale mu akaunti ya kampani n'kugwiritsa ntchito mpamba wa munthu wosauka popanda chiwongola dzanja. Kalata ya banki ikafika, malipiro obwererawo ayenera kutuluka tsiku lomwelo.

Pamene banki yasunga ndalama nthawi yaitali osaziika mu akaunti kapena kuzibweza, wodandaula alembe kalata ku nthambi ya bankiyo n'kusunga kope lodindidwa. Ikapanda kuyankha, madandaulo a makasitomala a mabanki amalandiridwa ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse m'dziko muno, ndipo kumeneko amafuna kuona kuti munthu anayamba wadandaula ku banki yake.

Koma wogula mbewu sangadikire kuti mabanki asinthe. Mmene amayesera sikelo nyengo isanayambe, ayesenso akaunti mu Malichi, lole isananyamuke. Apemphe mnzake wa banki ina kuti amutumizire K2,000. Pa njira zambiri za pa foni dzina la mwini akaunti limaonekera wotumiza asanatsimikize, ndipo dzina limenelo ndi lomwe liyenera kupita kwa kampani. Ndalamazo zikalowa, meseji n'kufika pa foni imene ali nayo m'manja, ndiye kuti nambala ya akaunti ndi ya foni zili bwino. Atapeko K1,000, chifukwa akaunti yogona ya banki ina imalandira koma situlutsa. Zikatheka zonsezi, apite ku nthambi akatenge kalata yotsimikiza akaunti, auzenso banki kuti m'miyezi ikubwerayi muzilowa ndalama zambiri za mbewu, kuti K11,500,000 ikadzafika isadzaoneke ngati yachilendo. M'miyezi yopanda mbewu, kusuntha K1,000 kuchoka pa foni kupita ku akaunti kamodzi pa miyezi iwiri kumakwanira kuti isagone, bola mukhale ndalama zokwanira zimene banki imadula pamwezi.